Katundu Akachedwa: Kukonzanso Kalata Yopepesa ya Mwini Shopu

Mwini shopu akaona kuti katundu amene analonjeza makasitomala sanafike pa tsiku lake, kawirikawiri amayamba wakhala chete. Amaganiza kuti mwina thiraki ifika mawa, nkhani n'kuthera pomwepo. Mawa likadutsa, mkuja n'kudutsanso, foni imayamba kulira kosalekeza, ndipo m'pamene amakhala pansi kulemba uthenga wopepesa. Uthenga wolembedwa pa nthawi yotero umachokera kwa munthu amene wapanikizika, choncho umadzaza ndi mawu odziteteza. Umalongosola mavuto a shopu, koma kasitomala akamaliza kuuwerenga amakhala asakudziwabe kuti katundu wake ali kuti, adzamulandira liti, ndiponso ndalama zake zili bwanji.

Kalata yoyambayo si yotaya. Ndi pamene munthu amayambira. Chofunika n'chakuti isatumizidwe isanakonzedwe, ndipo kukonzako sikutanthauza kuwonjezera ulemu kapena kuchulukitsa mawu akuti pepani. Kumatanthauza kuiwerenganso ngati kuti ndiwe amene unapereka ndalama.

Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi shopu ya nsalu mumzinda wa Lilongwe. Amaitanitsa zitenje ku Dar es Salaam, kumsika wa Kariakoo, kumene amalonda ambiri a kuno amapikulako. Anthu amasankha mtundu wa chitenje pa zithunzi, n'kupereka theka la mtengo ngati dipoziti, theka linalo n'kumaliza polandira katundu. Pa ulendo uno walandira maoda a anthu khumi ndi awiri. Onse analipira pofika Lachisanu pa 1 Ogasiti, ndipo anawalonjeza kuti nsalu zifika pa 15 Ogasiti. Mwa anthuwo muli banja lina limene linaoda zitenje 30 za yunifolomu ya chinkhoswe, pa mtengo wa K12,000 chimodzi, ndipo linapereka dipoziti ya K180,000. Chinkhoswecho chilipo Loweruka pa 23 Ogasiti. Mulinso amayi a bungwe la kutchalitchi amene msonkhano wawo uliko mu Seputembala, ndi ena amene anangofuna nsalu zovala okha.

Chimene chinachitika n'chotere. Mwini shopu anayenera kulipira wogulitsa wa ku Tanzania pa 4 Ogasiti, koma ndalama zakunja sanazipeze msanga, moti analipira pa 8 Ogasiti. Thiraki imene ankadalira inali itanyamuka kale, ndipo mabelo ake anakwera ina pa 13 Ogasiti. Thiraki yachiwiriyi inanyamula katundu wa amalonda angapo, ndipo itafika pa chipata cha Songwe inaima masiku anayi chifukwa mapepala a katundu wa munthu wina sanali okwanira. Lachitatu pa 20 Ogasiti, patadutsa masiku asanu kuchokera pa tsiku la lonjezo, mayiyo analemba izi:

“Okondedwa makasitomala athu onse, tikukudziwitsani kuti katundu wachedwerako pang'ono pa zifukwa zina zimene ife sitikanatha kuzipewa. Monga mukudziwa, zinthu m'dziko muno zavuta, ndalama zakunja zikusowa, mafuta nawonso akuvuta, komanso pa boda pakumakhala chipwirikiti. Ifenso taluza kwambiri ndi zimenezi. Pepani ngati pali amene akhumudwa. Katundu afika posachedwapa. Tikukupemphani kuti mutimvetse ndipo mudekhe, musamaimbeimbe foni chifukwa tikuyesetsa. Zikomo chifukwa chopitiriza kutikhulupirira.”

Kalatayi ilibe chipongwe, ndipo zambiri zimene ikunena n'zoona. Komabe mayi wa mkwatibwi akaiwerenga, mtima wake sutsika. Chinkhoswe chatsala masiku atatu, telala akudikira nsalu, achibale a kumudzi anasonkha ndalama ndipo akumufunsa iyeyo, osati mwini shopu. M'kalata yonse mulibe chiganizo ngakhale chimodzi chimene angatenge n'kukauza abale akewo.

Zimene ziyenera kuchoka

Choyamba kuchotsa ndi mawu akuti “pang'ono”. Masiku asanu angaoneke ochepa kwa mwini shopu amene wazolowera maulendo a katundu, koma woweruza kukula kwa kuchedwako ndi amene akudikira. Kalata ingonena kuti tinalonjeza pa 15, lero ndi pa 20, katundu sanafike. Wowerenga awerengetsa yekha.

Kenako pali chiganizo chakuti “pepani ngati pali amene akhumudwa”. Kapepesedwe aka kamamveka kaulemu, koma kamasuntha vuto kulichotsa pa zimene shopu yachita n'kuliika pa mtima wa kasitomala, ngati kuti nkhani ndi yakuti ena sachedwa kukhumudwa. Palibe chokayikitsa apa. Lonjezo linalipo ndipo silinakwaniritsidwe. Munthu amapepesa chifukwa cha chinthu chodziwika chimene wachita kapena walephera kuchita, ndipo chinthucho amachitchula.

Mndandanda wa mavuto a dziko nawonso uyenera kufupikitsidwa kwambiri. Kasitomala amakhala m'dziko lomweli. Mizere ya mafuta amaiona, za kusowa kwa ndalama zakunja amazimva tsiku ndi tsiku. Zimene sakudziwa ndi zimene zachitikira mabelo amene muli nsalu zake. Taonaninso kuti mafuta analowa m'kalata ngakhale kuti sanachedwetse thiraki imeneyi ngakhale ola limodzi. Analowa chifukwa ndi chifukwa chimene aliyense amachivomera msanga. Ine ndimaona kuti apa m'pamene makalata ambiri amagwera, chifukwa chifukwa chobwereka chimadzaululika. Dalaivala ali ndi pakamwa, amalonda ena amene katundu wawo anali m'thiraki yomweyo ali ndi makasitomala awo, ndipo m'tauni nkhani siichedwa kuzungulira. Kasitomala akazindikira kuti chifukwa chimodzi chinali chongowonjezera, amakayikira ndi zoona zomwe.

Mawu akuti “ifenso taluza” angakhale oona ndithu, koma malo ake si m'kalata ino. Amapempha munthu wolakwiridwa kuti ayambe kutonthoza womulakwira. Chimodzimodzinso pempho lakuti asamaimbeimbe foni. Anthu akuimba chifukwa sanauzidwe kanthu kwa masiku asanu. Kalata ikawapatsa tsiku ndi dongosolo, mafoni amachepa okha.

Ndiye pali chinthu chimene kalata yoyamba sinatchule n'komwe, pamene ndicho chimawawa koposa. Mwini shopu anadziwa pa 8 Ogasiti kuti tsiku la 15 silitheka, chifukwa anali ataphonya thiraki. Akanalankhula tsiku limenelo, banja la chinkhoswe likanakhala ndi masabata awiri ofunira nsalu kwina. Kuchedwa kwa pa boda sikunali m'manja mwake, koma kukhala chete kunali kwake. Kalata yabwino imasiyanitsa ziwirizi poyera. Imanena mwachidule zimene zinachitikira kunja, n'kuvomera mosabisa zimene shopu inalakwitsa yokha. Eni mashopu ambiri amaopa kuti kuvomera chotere kuwachotsera ulemu. Koma kasitomala amakhala akudziwa kale kuti sanauzidwe. Chimene akufuna kuona n'chakuti nanunso mukudziwa.

Kupeza tsiku loyenera kulemba

Mawu akuti “posachedwapa” ndiwo ovuta kwambiri kuwalowetsa m'malo, chifukwa kuti munthu alembe tsiku ayenera kugwira kaye ntchito. Kalata siyambira pa pepala. Imayambira pa foni, kuimbira ejenti amene akukiliya katundu pa boda ndiponso dalaivala, n'kufunsa mafunso amene yankho lake ndi inde kapena ayi. Kodi msonkho wa katundu yense wa m'thirakimo walipidwa? Kodi a MRA atulutsa chilolezo chakuti thiraki ichoke? Kodi yanyamuka kale kapena ikadali pamalo oimika? Funso lakuti “mufika liti” silithandiza kwenikweni, chifukwa dalaivala amayankha malinga ndi mmene akufunira kuti ulendo uyendere.

Tinene kuti ejenti watsimikiza kuti thiraki yatulutsidwa Lachitatu masana, ndipo dalaivala akuti afika Lachisanu pa 22. Kuchokera ku Songwe kudzera ku Karonga ndi Mzuzu mpaka ku Lilongwe ndi makilomita oposa 600, ndipo panjira pali chikweza cha Chiweta pamene mathiraki olemera amayenda pang'onopang'ono, nthawi zina n'kuima chifukwa ina yafera pamsewu. Popeza thirakiyi yanyamula katundu wa anthu angapo, ikhoza kuima ku Mzuzu kapena ku Kasungu kutsitsa wa ena. Ikafika ku Lilongwe Lachisanu madzulo, kutsitsa kungachitike Loweruka kapena Lolemba. Pambuyo pake mabelo ayenera kumasulidwa, nsalu kuwerengedwa, mitundu kufananizidwa ndi zimene aliyense anaoda, chifukwa zimachitika kuti wogulitsa waika mtundu wina m'malo mwa umene unatha. Zonsezi zikaphatikizidwa, tsiku limene mwini shopu angalonjeze mosaopa ndi Lachiwiri pa 26, osati Lachisanu pa 22.

Mtima umakakamiza kulemba 22, chifukwa ndi tsiku losangalatsa kumva. Koma taganizirani zotsatira zake. Mukalemba 26 katundu n'kufika pa 23, mumaimba foni ya uthenga wabwino. Mukalemba 22 katundu n'kufika pa 25, mwaphwanya lonjezo kachiwiri, ndipo kalata yachitatu palibe adzaiwerenge mpaka kumapeto. Akuluakulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo pa malonda lonjezo lachiwiri ndilo loopsa kuposa loyamba.

Nthawi zina tsiku silidziwika n'komwe, mwina thiraki ikadali pa boda ndipo palibe akudziwa kuti mapepala akonzeka liti. Pamenepo musapeke tsiku. Lembani kuti katundu ali pa Songwe, sanatulutsidwe, ndipo mulonjeze chinthu chimene chili m'manja mwanu: kuti mudzatumiza uthenga wina Lachisanu isanakwane 12 koloko masana, kaya pali chasintha kaya palibe. Muikenso malire, kuti katundu akapanda kufika pofika tsiku lakutilakuti, aliyense wofuna ndalama zake adzabwezeredwa. Munthu amatha kudikira ngati akudziwa pothera kudikirako.

Nkhani ya ndalama

Pepani sapoletsa chilonda. Pa malonda, chimene chimapoletsa ndi kumupatsa munthu mwayi wosankha. Kasitomala amene anapereka dipoziti ndiponso sanalandire katundu amadziona ngati womangidwa, chifukwa ndalama zake zili kwina ndipo sangagule kwina. Kalata iyenera kumumasula pomuuza kuti akhoza kudikira kapena kutenga ndalama zake, ndipo zonse ziwiri zifotokozedwe bwino.

Kubweza ndalama kuli ndi tinthu tating'ono timene timayambitsa mikangano ngati sitinalembedwe. Kodi zibwezedwa zonse kapena padulidwa kanthu? Zibwezedwa pasanathe masiku angati? Pa njira iti, pamanja, kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba? Ngati ndi pa foni, ndani alipire ndalama yotapira? Munthu amene anapereka K180,000 akalandira ndalamayo pa foni n'kudulidwa potapa, amapita kunyumba ndi ndalama yoperewera pa cholakwa chimene si chake. Mwini shopu awonjezerepo yotapira, ndipo anene zimenezi m'kalata. Ndi ndalama yochepa, koma imaonetsa kuti munthu waganizira mbali ya mnzake mpaka kumapeto.

Kwa amene asankha kudikira, chiganizo chofunika kwambiri n'chakuti mtengo susintha. Aliyense amene anali pa malonda mu Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene mitengo inasinthira katundu ali panjira. Kuyambira kale makasitomala ali ndi mantha akuti katundu akachedwa adzabwera ndi mtengo wina, ndipo mantha amenewo si opanda pake. Ngati munagwirizana K12,000 ndipo kuchedwa si kwa kasitomala, mtengowo uyenera kukhala womwewo ngakhale kuima pa boda kwakudyerani ndalama. Kulemba zimenezi kumachotsa funso limene anthu ambiri amachita manyazi kufunsa.

Pa za kuchotsera mtengo kapena kupereka kamphatso, ndinganene kuti n'zabwino koma si mutu wa nkhani. Mwini shopu awerengetse kaye zimene angakwanitse. Kuchotsera K500 pa chitenje chilichonse kapena kukapereka katundu kunyumba kwaulere n'kokwanira ngati zichitikadi. Choipa ndi kulonjeza kubweza ndalama kwa anthu khumi ndi awiri pasanathe tsiku limodzi pamene ndalamazo zinapita kale ku Dar es Salaam ndipo m'kabati mulibe. Asanalembe, aone kuti onse atafuna ndalama zawo angazipeze kuti, ndipo pakufunika masiku angati. Ngati ndi masiku asanu, alembe asanu.

Tisaiwale kuti kalata yotere ndi umboni. Lamulo loteteza ogula lilipo m'Malawi muno kuyambira 2003, ndipo bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC limalandira madandaulo a ogula, kuphatikizapo a anthu amene analipira koma osalandira katundu. Mabwalo a majisitireti nawonso amaweruza milandu ya ndalama zotere. Zimene mwalemba pa WhatsApp kasitomala amasunga, ndipo akhoza kuzionetsa kulikonse. Ena amaona ichi ngati chifukwa cholembera mawu ozungulira osalonjeza kanthu. Ine ndimachiona mosiyana. Kalata yonena zoona, yokhala ndi tsiku ndi mwayi wobweza ndalama, ndiyo imaonetsa kuti wamalonda anachita zinthu mwachilungamo. Imene imamuika m'mavuto ndi yonena kuti katundu ali pa Kasungu pamene sanachoke pa boda.

Kalata itakonzedwa

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, kalata ija imasanduka yotere:

“Okondedwa makasitomala amene munaoda zitenje pa ulendo wa pa 1 Ogasiti,

“Ndinakulonjezani kuti nsalu zanu zifika pa 15 Ogasiti. Lero ndi pa 20 ndipo simunalandire. Pepani kwambiri. Ndikupepesanso chifukwa sindinakuuzeni msanga. Ndinadziwa pa 8 Ogasiti kuti tichedwa, ndipo ndinayenera kukudziwitsani tsiku lomwelo.

“Ndinachedwa kulipira wogulitsa ndi masiku anayi, choncho katundu anaphonya thiraki yoyamba. Thiraki yachiwiri inaima pa boda ya Songwe masiku anayi, ndipo yatulutsidwa lero masana. Nsalu zanu zili m'thiraki imeneyo.

“Mudzatha kulandira nsalu zanu kuyambira Lachiwiri pa 26 Ogasiti, 9 koloko m'mawa. Zikafika msanga ndidzakuimbirani. Loweruka pa 23 ndidzakutumizirani uthenga wokuuzani pamene katundu wafika.

“Ngati mungathe kudikira, mtengo ukhala womwe tinagwirizana, ndipo kwa amene muli mumzinda muno ndidzakubweretserani nsaluzo kwaulere. Ngati simungathe, ndiuzeni pa nambala yomweyi ndipo ndidzakubwezerani dipoziti yanu yonse pasanathe masiku atatu, pamodzi ndi yotapira.

“Wofuna kulankhula nane aimbe nthawi iliyonse kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Foni ndikhala nayo ndekha.”

Pansi pake mayiyo alembe dzina lake ndi la shopu.

Kalatayi ndi yotalikirapo kuposa yoyamba, koma chiganizo chilichonse chili ndi ntchito. Taonani dongosolo lake. Yayamba ndi lonjezo limene linaphwanyidwa, osati ndi mavuto a shopu. Chifukwa cha kuchedwa chatenga ziganizo zitatu basi. Kupepesa kwabwera kawiri, pa zinthu ziwiri zosiyana, ndipo sikunabwerezedwenso kumapeto. Kupepesa kukachuluka kumayamba kumveka ngati kupempha chifundo, ndipo wowerenga amatopa asanafike pa tsiku limene akufuna.

Pali kusintha kwinanso kumene kungaoneke kochepa. Kalata yoyamba inkati “ife”, yachiwiri ikuti “ine”. Kampani yaikulu ikhoza kunena kuti “ife” chifukwa ndi anthu ambiri. Koma pa shopu imene aliyense akudziwa kuti mwini wake ndi mayi uje, amene analandira ndalama ndi dzanja lake, “ife” amamveka ngati munthu akubisala kumbuyo kwa kauntala. Ulemu suchepa chifukwa cha “ine”. Ulemu uli pa mmene mukumutchulira wowerengayo, kuti “inu”, “munaoda”, “ndikubwezerani”. Ndipo cholakwa chisakankhidwire kwa mtsikana wogulitsa m'shopu kapena kwa dalaivala. Kasitomala anapangana ndi shopu, ndipo za antchito ndi nkhani ya mkati.

Amene kalata ya onse siwakwanira

Tsopano tibwerere kwa banja la chinkhoswe. Kalata yokonzedwa bwinoyi ikuwauza kuti nsalu zifika pa 26, chinkhoswe chitadutsa ndi masiku atatu. Kwa iwo uwu si uthenga wa kuchedwa, ndi uthenga wakuti oda yawo yafa. Kuwatumizira kalata yofanana ndi ya ena onse kungakhale kuwalakwira kachiwiri. Choncho mwini shopu asanatumize kalikonse, atenge buku la maoda n'kuona kuti aliyense nsalu ankazifunira chiyani ndiponso liti. Anthu amene tsiku lawo lili pafupi kapena ladutsa kale ayenera kumva nkhaniyi pakamwa, kalata isanafike. Kwathu kuno nkhani yolemera siyendera pa uthenga wa foni. Munthu amaimba, ndipo ngati n'kotheka amapita yekha kukaonana ndi eni nkhani.

Popita kumeneko asapite chimanjamanja. Ayambe wazungulira mashopu a anzake, aone ngati pali mtundu umodzi wa chitenje umene ungapezeke zidutswa 30 tsiku lomwelo, ajambule zithunzi za mitundu iwiri kapena itatu, adziwenso mtengo. Mwina anzakewo akugulitsa K13,500 chimodzi. Kusiyana kwake ndi K1,500, ndipo pa zitenje 30 ndi K45,000. Ndalama imeneyi ndi imene mwini shopu ayenera kuganizira ngati angaisenze. Ine ndinganene kuti aisenze ngati angathe, chifukwa nsalu zimene zili panjira adzazigulitsabe kwa ena, pamene chinkhoswe sichibwerezedwa. Ngati sangathe yonse, anene poyera gawo limene angathe, ndipo banjalo lisankhe.

Akamaliza kukambirana, kalata imabwera pambuyo kudzatsimikiza zimene agwirizana, ndipo imakhala yaifupi:

“Amayi, zikomo pondilandira lero. Pepani kwambiri kuti nsalu zimene munaoda sizifika chinkhoswe chisanachitike, ndiponso kuti ndakuuzani mochedwa. Monga tagwirizana, mawa Lachinayi pofika 10 koloko m'mawa ndikubweretserani zitenje 30 za mtundu wobiriwira umene mwasankha. Mtengo ukhala K12,000 chimodzi monga poyamba, ndipo chotsala kulipira ndi K180,000. Ngati pali china chimene ndaiwala pa zimene tinakambirana, chonde ndiuzeni usiku uno.”

Apa mulibenso za Songwe kapena za thiraki. Zinanenedwa pakamwa, ndipo chimene mayiyu akufuna tsopano ndi chinthu choti aonetse bambo a kunyumba ndi ankhoswe, chokhala ndi nthawi, chiwerengero ndi mtengo. Zikhoza kuchitikanso kuti banjalo lakana zonse n'kufuna ndalama zawo. Ndi ufulu wawo, ndipo iwo sayenera kudikira masiku atatu ngati ena aja. Apatsidwe tsiku lomwelo, chifukwa akufunika kuthamanga nazo kumsika.

Katumizidwe

Makalata otere masiku ano amayenda kwambiri pa WhatsApp, ndipo njira yosavuta imaoneka kuti ndi kutsegula gulu la onse amene anaoda. Njira imeneyi ndi yoopsa. Imaonetsa manambala a anthu kwa anthu osawadziwa, ndipo mmodzi akapsa mtima n'kulemba mawu owawa, ena amene akanadikira mwamtendere amayamba kufuna ndalama zawo. Ndi bwino kutumizira aliyense payekha, n'kuyamba ndi dzina lake ndi kutchula oda yake, kuti zitenje zisanu ndi chimodzi kapena khumi. Kwa anthu khumi ndi awiri ntchito imeneyi siitha ola. Kungoika uthenga pa sitetasi kapena kumata pepala pa chitseko cha shopu si kupepesa, chifukwa palibe chotsimikiza kuti mwini nkhani waona.

Chilankhulo chikhale chimene munagwiritsa ntchito pogulitsana. Ngati malonda munapangana m'Chichewa, kupepesa m'Chingerezi cha muofesi kumaika mtunda pakati panu pa nthawi imene mukufuna kuyandikirana. Kwa achikulire amene kuwerenga pa foni kumawavuta, uthenga wa mawu kapena kuimba kumathandiza, koma masiku ndi ndalama zilembedwebe kuti pasadzakhale kutsutsana.

Asanatumize, mwini shopu apatse kalatayo munthu amene sakudziwa nkhaniyi, kaya mwana wa sukulu wa pakhomo kaya mnzake wa shopu yoyandikana, aiwerenge kamodzi kokha n'kuibweza. Kenako amufunse kuti katundu afika liti, ali kuti pakadali pano, ndipo munthu wofuna ndalama zake achite chiyani. Akayankha zonse osayang'ananso, kalatayo yakonzeka. Akakayikira pa chimodzi, pamenepo m'pofunika kulembanso. Kalata yoyamba ija ikanalephera mafunso onse atatu.

Chotsala ndi uthenga wa Loweruka pa 23, umene kalata inalonjeza. Uyenera kupita ngakhale palibe chatsopano chonena, ngakhale ndi mizere iwiri yokha yakuti thiraki yagona ku Kasungu ndipo tsiku la 26 silinasinthe. Ndipo zikaoneka Lolemba m'mawa kuti tsiku la 26 nalonso silitheka, mwina thiraki yawonongeka panjira, uthenga upite Lolemba lomwelo anthu asanakwere minibasi kubwera kushopu, utchule chimene chachitika ndi tsiku latsopano, ndipo mwayi wobweza ndalama uperekedwenso kwa onse, kuphatikizapo amene poyamba anasankha kudikira.